Funso ndilo limasankha maikulosikopu

Mwana akamatsekula m'mimba kwambiri, ofufuza amafuna kudziwa chimene chikumudwalitsa. Makina okulitsa tinthu tosaoneka ndi maso alipo a mitundu itatu ikuluikulu: maikulosikopu wa kuwala, amene timamuona m'malabotale a zipatala zathu, ndi awiri ogwiritsa ntchito maelekitironi, otchedwa SEM ndi TEM. Ambiri amaganiza kuti wokulitsa kwambiri ndiye wabwino. Si choncho. Aliyense amayankha funso lakelake, ndipo wosankha molakwika amataya masiku ndi ndalama.

Funso loyamba ndi lakuti chofunidwacho n'chachikulu bwanji. Kachilombo ka jiyadiya, kamene kamatsekulitsa m'mimba, kamakhala pafupifupi maikulomita 10 mpaka 20 m'litali, ndipo maikulomita imodzi ndi milimita yogawidwa zigawo 1,000. Kameneka maikulosikopu wa kuwala amakaona bwinobwino. Wa mu labotale amasakaniza chimbudzi pang'ono ndi dontho la madzi a mchere pagalasi, n'kuvundikira ndi kagalasi kena kopyapyala, ndipo m'mphindi zochepa amakhala akuyang'ana. Chimbudzicho chikakhala chatsopano, amakaona kakusambira kali ndi moyo, zimene makina a maelekitironi sangaonetse, chifukwa mkati mwake mumachotsedwa mpweya ndipo cholowamo chimakhala chouma ndi chakufa.

Koma kuwala kuli ndi malire. Mu 1873, Ernst Abbe wa ku Germany anaonetsa kuti tinthu tiwiri toyandikana kwambiri timaoneka ngati kamodzi, ngakhale galasi litakhala labwino chotani. Malirewo ali pa nanomita pafupifupi 200, ndipo nanomita 1,000 ndiwo amapanga maikulomita imodzi. N'chifukwa chake kukulitsa kopitirira 1,000 sikuonjezera kanthu: chithunzi chimakula, koma chimangochita mbuu.

Tsopano tinene kuti funso lasintha: jiyadiya amamata bwanji m'matumbo? Ili ndi funso la pamwamba pa chinthu, ndipo mwini wake ndi SEM. Makinawa amayendetsa kamzere ka maelekitironi pamwamba pa kachidutswa ka thumbo, n'kujambula mabampu ndi zigwa zake, mpaka kambale kamene kachilomboko kamamatira nako kamaoneka. Kukonza kwake kumafuna kuleza mtima. Kachidutswako kamalimbitsidwa ndi mankhwala, madzi ake amachotsedwa pang'onopang'ono ndi spiriti wa etanolo, kenako kamakutidwa ndi golide wopyapyala nanomita ochepa chabe. Golide akaperewera, maelekitironi amaunjikana ndipo pachithunzi pamabwera mizere yowala mothobwa m'maso. Mukaumitsa mothamanga, maselo amakwinyika, ndipo wosazolowera angatenge makwinyawo ngati chizindikiro cha matenda.

Nanga chimbudzi chikapanda kuonetsa kanthu, mabakiteriya odwalitsa osapezekamo, koma mwana akudwalabe? Madokotala anakhala ndi funso limeneli zaka zambiri. Mu 1973, ku Melbourne m'dziko la Australia, Ruth Bishop ndi anzake anatenga tizidutswa ta matumbo a ana odwala n'kutiyang'ana pa TEM. M'kati mwa maselo anapezamo timavayirasi tambirimbiri tozungulira, totalika nanomita pafupifupi 70. Ameneyu ndiye vayirasi wa rota, yemwe katemera wake ana a ku Malawi anayamba kulandira mu 2012.

Onani chifukwa chake makina enawo sakanathandiza. Nanomita 70 ali kunsi kwa malire a kuwala. SEM angathe kuona kanthu kotere, koma amaona kunja kokha, pamene mavayirasiwo anabisala m'kati mwa maselo. TEM amaboola: maelekitironi amadutsa m'chinthucho n'kukajambula kuseri. Kuti adutse, thumbolo limaikidwa m'utomoni wolimba n'kudulidwa ndi mpeni wa dayamondi m'tizidutswa tosafika nanomita 100 kuchindikala kwake, timene timaikidwa pa kasefa ka mkuwa ka mamilimita 3. Ntchitoyi imatenga masiku angapo. Kachidutswa kakachindikala, chithunzi chimada, ndipo mpeni ukabuntha umasiya mizere yofanana paliponse.

Vuto lalikulu la TEM, m'kuona kwanga, ndi kuchepa kwa malo amene amaona. Zili ngati kusaka nyerere m'munda wonse poyang'ana pa phando limodzi. Mavayirasi akakhala ochepera pafupifupi miliyoni imodzi m'mililita imodzi ya madzi, n'kosavuta kuwaphonya, choncho kusawaona si umboni wakuti palibe. N'chifukwa chake katswiri amayamba wadula kachidutswa kochindikalako, kukathira utoto wa buluu, n'kukayang'ana pa maikulosikopu wa kuwala kuti apeze pamene maselo aonongeka, ndipo pamenepo ndi pamene amadulapo topita ku TEM.

Lero, poti vayirasi wa rota akudziwika, malabotale samufunanso ndi TEM koma ndi zoyezera zofulumira komanso PCR. TEM amamusungira funso longa la Bishop, pamene wofufuza sakudziwa n'komwe dzina la chimene akuchisaka.