Kusiya Mzere Watsopano wa Kasitomala Aliyense

Pamndandanda wa makasitomala wosungidwa mu Excel, munthu mmodzi amatha kulembedwa kangapo, makamaka akasintha kumene amakhala. Lamulo la Remove Duplicates limachotsa mizere yobwereza, koma siliyang'ana madeti. Limasunga mzere umene uli pamwamba, n'kufufuta yonse yofanana nawo ya m'munsi. Choncho ntchito imayamba ndi kusanja danga la madeti posankha Sort Newest to Oldest.

Kasitomala wa nambala 204 akakhala ndi mizere ya pa 3 Januwale, 17 Malichi ndi 9 Juni, kusanjako kumakweza wa Juni pamwamba. Kenako pa Remove Duplicates pamachongedwa danga la nambala ya kasitomala lokha. Kuchonganso madeti kumasiya mizere itatu yonseyo, chifukwa madetiwo ndi osiyana. Dzina silodalirika pantchitoyi, popeza anthu awiri atha kukhala ndi dzina limodzi.

Chimene chimasokoneza kwambiri ndi madeti olembedwa ngati mawu. Amenewa amakhala kumanzere kwa kabokosi, pamene madeti enieni amakhala kumanja, ndipo sasanjika motsatira kalendala. Ayenera kukonzedwa kaye, ndipo mndandanda woyambirira ukoperedwe pena kufufuta kusanayambe.