Jakisoni wa tesitositeroni akhoza kutsekereza mphatso m'banja

Bambo akaona kuti chilakolako cha kuchipinda chazirala, kawirikawiri sayambira kuchipatala. Amayambira kwa anzake. Wina amamuuza za gondolosi, wina za mapilitsi, ndipo masiku ano sipalephera wina womunong'oneza kuti magazi ake achepa tesitositeroni, angobayitsa jakisoni kapena kugula mankhwala opaka, zonse zibwerera m'chimake. Malangizo amenewa amandidetsa nkhawa kwambiri, makamaka akamapita kwa mwamuna amene akufunabe mwana, chifukwa jakisoni ameneyu amatha kuimitsa kupangidwa kwa mbewu ya abambo mwini wake osadziwa.

Tesitositeroni ndi homoni imene imapangidwa m'machende. Ndi imene imakulitsa mawu a mnyamata, kumeretsa ndevu, kulimbitsa minofu ndi mafupa, komanso kudzutsa chilakolako. Koma machende sadzilamulira okha. Pansi pa ubongo pali kachiwalo kakang'ono ngati nsawawa, kotchedwa pitwitale, kamene kamatumiza mahomoni awiri amene pa pepala la ku labotale amalembedwa LH ndi FSH. LH imauza machende kuti apange tesitositeroni, pomwe FSH imathandiza kulera mbewu. Ubongo umakhala ukuyeza kuchuluka kwa tesitositeroni m'magazi. Ikachepa umawonjezera mauthenga, ikachuluka umachepetsa.

Vuto lagona pamenepa. Mukabaya tesitositeroni yochokera m'botolo, ubongo umaona magazi atadzaza ndipo umaleka kutumiza LH ndi FSH, ngati mwini munda amene waona nkhokwe itasefukira n'kuuza aganyu kuti asabwerenso. Machende amasiya ntchito. Komatu kuti mbewu ipangidwe, m'kati mwa machende mumafunika tesitositeroni yochuluka kuwirikiza makumi angapo kuposa ya m'magazi, ndipo yochuluka choncho imatheka pokhapokha ikamapangidwira momwemo. Ya jakisoni kapena yopaka siingafikepo. Choncho magazi amaonetsa kuti homoni yakwera, pamene pamalo pofunika paja yatsika kotheratu.

Izitu si zongoganizira. Bungwe Loona za Umoyo Padziko Lonse linayesapo jakisoni ameneyu ngati njira yolera ya abambo. M'kafukufuku amene anatuluka mu 1990, amuna 271 obereka bwinobwino ankabayidwa mamiligalamu 200 sabata iliyonse. Pomatha miyezi isanu ndi umodzi, pafupifupi awiri mwa atatu alionse amene anapitiriza kubayitsa analibiretu mbewu mu umuna wawo. Mankhwala amene anzathu akulimbikitsana kuti ndi owonjezera mphamvu ndi omwewo amene anayesedwa kuti atseke uchembere.

Tiyerekeze bambo wa zaka 34, wa mwana mmodzi, amene ndi mayi a kunyumba akufuna wachiwiri. Ngongole zamupanikiza, amagona mochedwa, Loweruka lililonse ndi mowa, mimba yatuluka. Chilakolako chathawa. Mnzake wa ku jimu wamupezera timabotolo ta Sustanon 250, ndipo wayamba kubayitsa osayezetsa magazi. Masabata oyamba akumva kupepuka ndipo akusangalala. Mbewu imatenga masiku oposa 70 kuti ikhwime, choncho kuwonongeka sikuonekera msanga. Pofika mwezi wachitatu kapena wachinayi, chiwerengero chake chimakhala chitagwa. Iye saona chachilendo, pakuti umuna ukutulukabe, mtundu wake ndi womwe uja. Mbali yaikulu ya madzi amenewa imachokera m'ziwalo zina zapafupi ndi chikhodzodzo, ndipo mbewu ndi kachigawo kochepa kwambiri kosaoneka ndi maso. Chizindikiro chimene angachione ndi chakuti machende afewa ndi kuchepa pang'ono, mwinanso ziphuphu kumsana ndi kupweteka kwa mawere.

Chaka chikatha popanda pathupi, tonse tikudziwa amene amalozedwa chala kwathu kuno. Mayi ndi amene amayamba kuzungulira m'zipatala ndi kwa asing'anga, apongozi akuyankhula zambiri, pamene chotsekereza chili m'kabati ya bambo. Kuyeza umuna ku labotale n'kumene kumaulula zoona, ndipo dokotala akayezanso magazi n'kupeza LH ndi FSH zili pansi kwambiri, funso lake loyamba limakhala lakuti, "Bambo, kodi pali jakisoni kapena mankhwala opaka amene mukugwiritsa ntchito?"

Akasiya, ambiri amachira, koma osati mawa. Pa amuna amene anachita nawo kafukufuku wa kulera, awiri mwa atatu anabwerera m'chimake m'miyezi isanu ndi umodzi, asanu ndi anayi mwa khumi pomatha chaka, ena mpaka zaka ziwiri. Amenewo anali amuna athanzi, omwe ankalandira mlingo wodziwika. Amene wabayitsa zaka zambiri, wachikulire, kapena amene mbewu yake inali yochepa kale, akhoza kudikira nthawi yaitali, ndipo ena sachira kwathunthu. Masabata oyamba atasiya amakhalanso owawa: thupi limafooka, chilakolako chimatsika kuposa poyamba, chifukwa machende sanadzukebe. Ambiri amabwerera ku jakisoni pa nthawi imeneyi, poganiza kuti ndi umboni woti anali odwaladi.

Nanga ndi angati amene mankhwalawa amawayeneradi? Kafukufuku wa ku Ulaya amene anatuluka mu 2010 anaunika amuna oposa 3,000 a zaka 40 mpaka 79. Amene anapezeka ndi zizindikiro za kuchipinda pamodzi ndi homoni yotsikadi anali pafupifupi awiri okha pa 100 alionse. Kwa ochuluka, chilakolako chimazirala chifukwa cha nkhawa, matenda a kukhumudwa, kusagona mokwanira, mowa, kunenepa, shuga, kusamvana m'banja, kapena mankhwala ena monga opha ululu amphamvu ndi ena a matenda a maganizo. Ngati homoni ili bwino, kuwonjezera ina sikukonza chilichonse mwa izi. Kulephera kudzuka kwa chida nakonso nthawi zambiri ndi nkhani ya mitsempha ya magazi, ndipo kumatha kukhala chenjezo loyamba la shuga kapena matenda a mtima.

Alipo ndithu amene amafunika tesitositeroni: amene machende awo anavulala kapena kuchotsedwa, amene anaonongeka ndi matsagwidi kapena mankhwala a khansa, obadwa ndi vuto la Klinefelter, ndi amene ali ndi chotupa pa pitwitale. Kwa iwowa mankhwalawa amasintha moyo. Koma amadziwika poyeza magazi m'mawa, isanakwane 10 koloko, munthu asanadye, ndipo amayeza kawiri pa masiku osiyana, popeza homoniyi imakwera m'mawa n'kutsika madzulo, komanso imagwa munthu akadwala malungo kapena matenda ena. Zotsatira zikakhala pansi pa 8 nmol/L kawiri konse, vuto limakhalapodi. Zikapitirira 12, dokotala amafufuza kwina.

Ngakhale woyenerayo amafunika kumuyang'anira. Tesitositeroni imachulukitsa maselo ofiira mpaka magazi kulemera, ndipo mlingo wake ukapitirira 54 pa 100 dokotala amaimitsa mankhwala. Opaka aja ali ndi vuto lawolawo: amatsalira pakhungu, ndipo mwana womunyamula pachifuwa chosavala akhoza kuyamba kumera tsitsi la kumaso kwa chinena asanakwane msinkhu. N'chifukwa chake mu 2009 boma la Amereka linalamula kuti pa mapaketi ake pazilembedwa chenjezo lalikulu.

Bambo amene homoni yake yatsikadi koma akufuna mwana anene zimenezi kwa dokotala asanalandire kalikonse. Ngati machende ake ali amoyo, pali mankhwala ena, monga jakisoni wa hCG kapena mapilitsi a klomifeni, amene amadzutsa machendewo kuti apange okha homoni m'malo mowagonetsa. Ndipo amene anayamba kale kubayitsa apite ndi botolo lake kuchipatala, anene tsiku limene anayamba ndi mlingo wake, ayezetse umuna, n'kubwerezanso pakatha miyezi itatu.