Nyumba ikakanika kugulika, ejenti amalemba zotani?

Chikwangwani cholengeza kuti nyumba ikugulitsidwa chikayamba kusuluka ndi dzuwa pageti, ejenti amadziwa kuti nthawi yolembera mwininyumba imelo yovuta yakwana. Nkhani yake imakhala imodzi: mtengo utsike.

Tiyerekeze nyumba ya zipinda zitatu zogona ku Area 49 mumzinda wa Lilongwe. Mwiniwake akufuna K150 miliyoni. Patha masabata asanu ndi atatu, anthu 11 abwera kudzaiona, koma palibe amene watchula ndalama ngakhale yongoyesera.

Ejenti wodziwa ntchito sayamba ndi kudandaula kuti zinthu zavuta m'dziko. Amayamba ndi manambalawo, chifukwa ndiwo amaloza pamene pali vuto. Anthu akanakhala kuti sakuimba n'komwe foni, akanakayikira zithunzi kapena malo amene akutsatsira malondawo. Koma apa anthu akufika, akuzungulira zipinda zonse, akutsegula mipopi, kenaka akutsanzika bwinobwino osabweranso. Ndiye kuti nyumbayo ikuwakopa, koma akaiona akupeza kuti siyikulingana ndi mtengo wake.

Kenaka amafotokoza zimene odzaona aja ananena, mosabisa: anayi adandaula ndi siling'i yothimbirira ndi madzi a mvula, awiri ndi mpanda wosatha. Chilichonse chotere wogula amachiwerengera n'kuchichotsa pa mtengo chamumtima.

Mtima wa imeloyo ndi kuyerekeza. Mwininyumba amakonda kuloza nyumba ya neba imene ikutsatsidwa pa K160 miliyoni, kuiwala kuti nayonso sinagulidwe. Ejenti amaloza zimene zinagulidwadi: ziwiri zofanana nayo m'dera lomwelo, ina pa K128 miliyoni, ina pa K132 miliyoni. Amakumbutsanso kuti wogula ndi ngongole ya kubanki sangangolipira zimene mwini wafuna. Banki imatumiza katswiri wake kukayesa mtengo wa nyumbayo, ndipo imabwereketsa potengera zimene iyeyo walemba. Kupereweraku wogula amayenera kukukwaniritsa ndi ndalama za m'thumba mwake.

Pomaliza amatchula mtengo weniweni: "Bambo, ndikupempha kuti titsitse kufika pa K135 miliyoni, tionenso pakatha masabata anayi." Kutsitsa kamodzi mooneka kumaposa kudula pang'onopang'ono mwezi uliwonse, chifukwa ogula akazindikira chizolowezicho amangokhala chete kudikira kuti mtengo utsikenso.

Komabe mwininyumba asamangovomera. Kutsika kwa K15 miliyoni kukumupweteka iyeyo kwambiri. Ngati anagwirizana komishoni ya 5 peresenti, ejenti akutayapo K750,000 yokha, ndipo nyumba ikagulidwa msanga ntchito yake yatha. Choncho musanayankhe imelo yotere, funsani kuti nyumba zimene akuyerekeza nazozo zili pati, zinagulidwa liti, mapuloti ake ndi aakulu bwanji, komanso ngati zikalata zake za umwini n'zofanana ndi zanu.