Malenzi Awiri Akamagwira Ntchito Ngati Imodzi

Lenzi yonenepa pakati imasonkhanitsa kuwala. Ikaloza ku chinthu chakutali kwambiri, monga mtengo wa patsidya kapena dzuwa, kuwala kumalowa mu lenziyo m'mizere yoyenda mofanana, ndipo lenzi imakhotetsa mizereyo kuti ikakumane pamalo amodzi. Malo amenewo ndi fokasi, ndipo mtunda wochoka pa lenzi kukafika pamenepo ndi utali wa fokasi, womwe m'masamu umalembedwa f. Lenzi yoonda pakati imachita zosiyana: imamwaza kuwala, choncho utali wa fokasi yake umalembedwa ndi chizindikiro chochotsera. Lenzi imatchedwa yopyapyala ngati kukhuthala kwake kuli kochepa kwambiri poyerekeza ndi utali wa fokasi yake, moti powerengera kukhoza kunyalanyazidwa.

Mu kamera, mu telesikopu ndi mu maikulosikopu lenzi siikhala yokha. Zikakhala ziwiri zondondozana, funso limakhala ili: kodi ndi lenzi imodzi ya utali wotani imene ingagwire ntchito yofanana ndi ziwirizo? Yankho lake ndi utali wa fokasi wa gulu lonse.

Chinsinsi cha nkhani yonse chili pa mfundo imodzi. Lenzi siikhotetsa mizere yonse ya kuwala mofanana. Mzere wodutsa pakati penipeni umapitirira osakhota, pamene wodutsa chakumphepete umakhota kwambiri. Kukhotako kumadalira zinthu ziwiri: mphamvu ya lenzi, ndi kutalika kwa mzerewo kuchoka pakati pa lenzi. Mzere wotalikira pakati kuwirikiza kawiri umakhotanso kuwirikiza kawiri. Mphamvu ya lenzi imayezedwa m'madayoputa, ndipo imapezeka pogawa 1 ndi utali wa fokasi wa m'mamita, P = 1/f. Lenzi ya masentimita 50 ili ndi madayoputa 2, ya masentimita 20 ili ndi madayoputa 5. Manambala monga +2.00 olembedwa pa magalasi owerengera ndi madayoputa omwewa.

Malenzi awiri opyapyala akagundana, mzere wa kuwala umatuluka mu yoyamba n'kulowa mu yachiwiri usanayende mtunda uliwonse. Umadutsa onse awiri pamalo otalikira pakati mofanana, choncho kukhota kwa yachiwiri kumangowonjezera pa kukhota kwa yoyamba. Mphamvu zimaphatikizana:

P = P1 + P2

Polemba ndi utali wa fokasi, lamulo lomweli limaoneka chonchi:

1/f = 1/f1 + 1/f2

Galasi lowerengera la +2.00 likasanjikizidwa pa la +3.00, awiriwo amakhala lenzi imodzi ya madayoputa 5, ndipo chithunzi cha zenera lakutali chimaoneka bwino pa pepala logwiridwa masentimita 20 kumbuyo kwawo. Ophunzira ambiri amapunthwa pano pophatikiza utali wa fokasi m'malo mwa mphamvu. Galasi loyamba lili ndi masentimita 50, lachiwiri pafupifupi 33, ndiye iwo amapeza 83. Yankho lotere limadziulula lokha, chifukwa malenzi awiri osonkhanitsa kuwala akagundana ayenera kukokera fokasi pafupi kuposa mmene iliyonse ingachitire payokha. Ngati yankho silili lochepera utali waufupi mwa awiriwo, penapake palakwika.

Lamuloli limagwiranso ntchito pa lenzi yomwaza kuwala, bola chizindikiro chochotsera chisaiwalike. Apa mpamene limathandiza kwambiri, popeza lenzi yoonda pakati payokha siiponya chithunzi cha chinthu chakutali pa pepala, moti utali wa fokasi yake sungayezedwe ndi rula mwachindunji. Njira yake ndi kuigunditsa pa lenzi yonenepa yamphamvu kuposa iyo, imene utali wake ukudziwika kale. Ngati yonenepayo ndi ya masentimita 10, kutanthauza madayoputa +10, ndipo ziwirizo pamodzi zikuponya chithunzi pa masentimita 20, kutanthauza +5, ndiye kuti yoondayo yachotsapo 5. Mphamvu yake ndi −5 ndipo utali wa fokasi yake ndi masentimita −20. Akatswiri oyeza maso amadalira kuphatikizana komweku pamene akusanjikiza timagalasi m'chimango choyesera chimene amaveka wodwala. Poyesa zimenezi kunyumba kapena kusukulu, zenera kapena babu lakutali n'zokwanira. Dzuwa siliyenera kuyang'anidwa kudzera mu lenzi, chifukwa limawotcha diso m'kanthawi kochepa.

Pali chifukwa china chomatira pamodzi lenzi yonenepa ndi yoonda. Galasi limakhotetsa kuwala kwa buluu kuposa kofiira, choncho lenzi imodzi imasiya timizere tamitundu m'mphepete mwa chithunzi. Mitundu iwiri ya galasi yomwe imamwaza mitundu ya kuwala mosiyana ikaphatikizidwa bwino, vutoli limachepa kwambiri pamene mphamvu yosonkhanitsa kuwala imatsalabe. John Dollond wa ku London adalandira chiphaso cha umwini wa luso limeneli mu 1758, ngakhale Chester Moor Hall adali atapanga kale lenzi yotere zaka zingapo m'mbuyomo.

Nkhani imasintha malenzi akatalikirana. Mzere wa kuwala ukatuluka mu lenzi yoyamba yosonkhanitsa umakhala utakhota kale, ndipo ukamayenda mpata wa pakati pa awiriwo umayandikirayandikira pakati. Pofika pa lenzi yachiwiri umakhala utatsika, ndiye yachiwiriyo imaukhotetsa pang'ono kuposa mmene ikadachitira zikadagundana. Mphamvu yotayikayo imadalira kukula kwa mpata, womwe umalembedwa d:

1/f = 1/f1 + 1/f2 − d/(f1 × f2)

M'madayoputa lamuloli ndi P = P1 + P2 − d × P1 × P2, ndipo d ayenera kukhala m'mamita. Akatswiri a maso amalitcha ndi dzina la Allvar Gullstrand wa ku Sweden, amene adalandira mphotho ya Nobel mu 1911 chifukwa cha kafukufuku wake wa mmene diso limakhotetsera kuwala. Mpata ukakhala 0, gawo lomalizalo limatha ndipo lamulo loyamba lija limabwerera.

Malenzi awiri a masentimita 20, a madayoputa 5 iliyonse, amaonetsa bwino mmene mpata umadyera mphamvu. Akagundana mphamvu ndi 10, utali wa fokasi ndi masentimita 10. Akatalikirana masentimita 10, pamachoka 0.1 × 5 × 5, ndiye kuti 2.5, n'kutsala 7.5, ndipo utali umakwera kufika pa masentimita pafupifupi 13.3. Mpata ukafika masentimita 40, womwe ndi f1 + f2, pamachoka 10 yense ndipo mphamvu imakhala 0. Izi sizitanthauza kuti malenzi asiya kugwira ntchito. Mizere yolowa mofanana imatulukanso mofanana, osakumana paliponse, ndipo umu ndi mmene telesikopu imene Johannes Kepler adafotokoza mu 1611 imakhalira. Malenzi ake akakhala osiyana, imakuza zinthu molingana ndi f1/f2, ngakhale chithunzi chimaoneka chozondoka.

Komabe nambala f ya malenzi otalikirana ili ndi msampha: siyezedwa kuchoka pa lenzi yachiwiri. Munthu amene wawerengera masentimita 13.3 aja n'kuika pepala mtunda umenewo kumbuyo kwa lenzi yomaliza amangopeza chimbuuzi. Utali umenewu umayezedwa kuchoka pamalo ongoganizira, pamene lenzi imodzi yolowa m'malo mwa ziwirizo ikadaima. Malowo amapezeka pojambula: mzere wolowa upitirizidwe mowongoka, mzere wotuluka ubwezedwe m'mbuyo, ndipo pamene ikumana ndi pomwepo. Mtunda weniweni wochoka pa lenzi yomaliza kukafika pa fokasi uli ndi lamulo lakelake, f × (1 − d/f1). Pa chitsanzo chija ndi 13.3 × 0.5, masentimita pafupifupi 6.7.

Kusiyana kumeneku, komwe kumazunguza ophunzira, ndi kumene opanga makamera amapindula nako. Lenzi yojambulira zinthu zakutali imafunika utali waukulu wa fokasi kuti chithunzi chikule, koma palibe wojambula amene amafuna kunyamula chimpope chachitali. Njira yake ndi kuika lenzi yosonkhanitsa kutsogolo ndi yomwaza kumbuyo. Mwachitsanzo, f1 akhale masentimita +20, f2 akhale −10, ndipo mpata ukhale 15. Zikadagundana, yomwazayo ikadapambana ndipo sipakadakhala chithunzi pa pepala. Koma mpata ukalowa m'lamulo, masamu amayenda chonchi:

1/f = 1/20 − 1/10 − 15/(20 × −10) = 0.05 − 0.1 + 0.075 = 0.025

Utali wa fokasi wa gulu lonse ndi masentimita 40. Gawo la mpata pano lawonjezera m'malo mochotsa, chifukwa f1 × f2 ili ndi chizindikiro chochotsera, ndipo ambiri amasochera pomwepa. Mtunda wochoka pa lenzi yomaliza ndi 40 × (1 − 15/20), masentimita 10. Choncho kuchoka pa lenzi yakutsogolo kukafika pa chithunzi pali masentimita 25 okha, koma chithunzicho ndi chachikulu ngati chochokera ku lenzi imodzi ya masentimita 40. Lenzi yongoganizira ija yaima m'malere, masentimita 15 kutsogolo kwa galasi loyamba.

Yankho limeneli likhoza kutsimikizidwa potsata kuwala lenzi ndi lenzi, njira yodalirika imene siifuna kuloweza lamulo lalitali. Lenzi yoyamba imatumiza mizere kuti ikakumane pa masentimita 20, koma isanafike imakumana ndi yachiwiri pa 15, patatsala masentimita 5. Mizereyo ikubwera ndi kusonkhana kofanana ndi 1/5, yomwaza imachotsapo 1/10, n'kutsala 1/10. Fokasi yakankhidwa kuchoka pa masentimita 5 kufika pa 10, kutanthauza kuti chithunzi chakula kawiri, ndipo 20 kuchulukitsa kawiri ndi 40.

Popeza f imadalira d, kusuntha lenzi imodzi kumasintha utali wa fokasi wa gulu lonse. M'chitsanzo chomwechi, mpata ukachepa kufika pa masentimita 12, f imalumpha kufika pa 100. Umu ndi mmene lenzi ya kamera imakokera zinthu pafupi munthu akaipotoza, ngakhale malenzi enieni amakhala ndi magulu angapo oyenda pamodzi kuti chithunzi chisachoke pamalo pake.

Malamulo onsewa ali ndi malire. Amagwira ntchito ngati malenzi ali mumpweya, ali pamzere umodzi osapendekeka, ndipo kuwala kukudutsa pafupi ndi pakati. Malenzi okhuthala, ngakhale agundane, pakati pawo pamakhalabe mpata wobisika mkati mwa galasi, moti zoyeza zimasiyanako ndi zowerengera. Pamenepo mbali iliyonse ya lenzi imawerengedwa payokha, ndipo kukhuthala kwa galasi kumalowa m'masamu ngati mpata, kutagawidwa ndi nambala yosonyeza mmene galasilo limakhotetsera kuwala, yomwe pa galasi wamba ili pafupifupi 1.5.