Mapasa a kavoni ndi kuwala kokhotera kumanzere

Fungo la timbewu ta sipiyaminti limachokera ku mankhwala otchedwa kavoni. Mamolekyulu ake ali ndi mapasa ofanana ngati dzanja lamanja ndi lamanzere, ndipo mnzakeyo amanunkhira ngati njere za karawe.

Powasiyanitsa, akatswiri amadutsitsa kuwala kosefedwa m'kachubu ka makina otchedwa polarimita, n'kuona madigiri amene kwapotoka. Chiwerengerocho amachigawa ndi utali wa chubu komanso kuchuluka kwa mankhwalawo pa mililita, kuti apeze mapotokedwe akeake a mankhwalawo. Kavoni wa timbewu, wotchedwa R, amapereka pafupifupi −61, kukhotera kumanzere. Wa karawe, S, amapereka +61.

Nanga botolo likapereka −30.5? Apa mapasa asakanikirana. Kugawa 30.5 ndi 61 kukusonyeza kuti R waposa mnzake ndi 50 peresenti: R ndi 75, S ndi 25, poti S aliyense amafafaniza R mmodzi.

Ophunzira ambiri amagwa m'mbuna poganiza kuti R aliyense amapita mbali imodzi. Ayi ndithu. Limonini wa m'makoko a malalanje nayenso ndi R, koma amapotozera kumanja. Zilembozi zimachokera ku malamulo a Cahn, Ingold ndi Prelog, osanja maatomu papepala potengera nambala zawo, pomwe kupotokako kumayezedwa pamakina, ndipo kumatha kusintha ndi madzi osungunulira, kutentha kapena mtundu wa kuwala.