K2,000 kamodzi kapena sabata iliyonse?

Misonkhano yambiri imatha ndi mawu a wapampando akuti, "Chabwino, tagwirizana choncho." Anthu amawomba m'manja n'kubalalika. Mlembi ndiye amatsala ndi chintchito, chifukwa akakhala pansi kuti alembe maminitsi amapeza kuti "choncho" uja sakuloza mfundo imodzi.

Tiyerekeze gulu la banki m'khonde limene lakambirana za anthu obweza ngongole mochedwa. Mayi wina anati wochedwa azilipira chindapusa cha K2,000 sabata iliyonse. Bambo wina anatsutsa, nati ndalamayo izilipiridwa kamodzi basi. Mkangano uli mkati, wapampando anatseka nkhaniyo popanda kuvota. M'kope la mlembi mwalembedwa kuti "chindapusa K2,000". Komatu kwa munthu amene wachedwa masabata 4, kumva kwina kukutanthauza K2,000 pomwe kwina ndi K8,000, ndipo msungichuma adzatolera zimene maminitsi anena.

Mlembi wodziwa ntchito sasankha yekha. Amalembera wapampando memo, kakalata kachidule kokhala ndi tsiku, wolandira, wolemba ndi mutu, maminitsi asanatuluke. Mkati mwake mungakhale mawu awa: "A Wapampando, pa mfundo yachitatu ya msonkhano wa Loweruka ndinalemba kuti chindapusa ndi K2,000. Panamveka maganizo awiri: kulipira kamodzi, kapena kulipira sabata iliyonse. Chonde mundiuze amene msonkhano unavomereza, komanso ngati akukhudza ngongole zimene zinatengedwa kale. Ndingathokoze mutandiyankha pofika Lachitatu kuti maminitsi agawidwe Lachisanu."

Memo yotere imatchula mfundo yeniyeni, imaika matanthauzo onse awiri poyera, ndipo funso lake limayankhika ndi chiganizo chimodzi. Siinena amene analakwitsa, ndiponso mlembi saikamo maganizo ake. Kufunsa kwa pakamwa n'kofulumira, koma yankho lolembedwa limasungidwa m'failo, ndiye tsiku limene membala adzakane kulipira, mlembi sadzanenedwa kuti anapeka lamulo.

Wapampando naye ali ndi malire. Angathe kumveketsa zimene msonkhano unagamula, koma sangagamule mwatsopano m'dzina la gulu. Mlembi amazindikira vutoli yankho likabwera ndi zinthu zimene sizinanenedwe pamsonkhano, monga lakuti chindapusa chikhale K3,000, kapena likayamba ndi "ine ndikuona kuti". Zikatero, kapena wapampando akavomera kuti nayenso sakukumbukira, maminitsi amalembedwa moona: nkhani inakambidwa, maganizo awiri anaperekedwa, K2,000 inavomerezedwa, koma kalipiridwe kake sikanagamulidwe.

Nkhaniyo imabwereranso pamsonkhano wotsatira, pa gawo la zotuluka m'maminitsi. Mamembala amavota, mlembi amalemba chiwerengero cha ovomereza ndi okana pamodzi ndi tsiku loyambira lamulolo, ndipo kufikira pamenepo msungichuma amadikira osatolera chindapusacho.