Mmene chatiboti imasungira mfundo macheza akatalika

Chatiboti, pulogalamu yocheza nayo polemberana ngati ChatGPT, siikumbukira monga munthu. Mukaitumizira uthenga, imapatsidwanso macheza onse kuyambira pachiyambi kuti iwerenge isanayankhe. Koma mawu amene ingawerenge nthawi imodzi ali ndi malire, ndipo amayezedwa m'matokeni, tizidutswa ta mawu. GPT-3, yomwe inatuluka mu 2020, inkalandira matokeni 2,048 okha. Za masiku ano zimalandira ochuluka zedi, komabe malire alipo. Chichewa chimadzaza malowo msanga chifukwa mawu ake amadulidwa tizidutswa tambiri kuposa a Chingerezi.

Malo akadzaza, njira yachidule ndi kutaya mauthenga akale. Vuto lake n'lakuti mfundo zikuluzikulu nthawi zambiri zimanenedwa koyambirira. N'chifukwa chake opanga mapulogalamuwa amakonda kufupikitsa macheza akalewo m'malo mowataya.

Tiyerekeze kuti mayi wina akukonza chinkhoswe mothandizidwa ndi chatiboti yolandira matokeni 4,000. Mwa amenewa, 500 ndi a malangizo a eni pulogalamu ndipo 800 amasungidwira yankho, choncho macheza atsala ndi 2,700. Akafika 2,400, pulogalamu imasiya mauthenga omaliza, a matokeni 600, momwe alili. Akale aja, a matokeni 1,800, amafupikitsidwa n'kukhala 200. Macheza tsopano akutenga 800 basi, ndipo mayiyo akupitiriza osadziwa kuti chinachake chachitika.

Nkhani yagona pa zomwe zalowa m'chidulecho. Chiyenera kufanana ndi zolemba za mlembi wa msonkhano, yemwe salemba moni ndi nthabwala koma zomwe anthu agwirizana. Tsiku la chinkhoswe, ndalama zomwe zilipo, zoti mwana wina amatupa akadya mtedza, ndi funso la matenti lomwe silinayankhidwe, zonsezi zilembedwe ndendende. Ngati mayiyo poyamba anati alendo ndi 150 kenako n'kusintha kuti 120, chidule chinene kuti ndi 120 ndipo 150 inathetsedwa.

Ngozi imabwera pofupikitsa kachiwiri ndi kachitatu, chifukwa chidule chatsopano chimachokera pa chidule chakale. "Alendo 120" amasanduka "alendo ambiri", za mtedza zija n'kuzimiririka. Cholakwika chikalowa m'chidule chimakhazikika, popeza mawu enieni a mayiyo sakuwerengedwanso. Mudzazindikira zimenezi chatiboti ikafunsa zomwe munaiuza kale, ikabwerera ku nambala yomwe munasintha, kapena ikaika ndiwo zotendera pa mndandanda wa zakudya za mwana uja.

Pofuna kupewa izi, opanga osamala amasunga maina, masiku, manambala ndi zoletsedwa pa mndandanda wapadera wosafupikitsidwa, womwe umasinthidwa pokhapokha mwiniwake akasintha maganizo. Inunso macheza akatalika, iuzeni chatiboti ilembe mfundo zonse zomwe mwagwirizana, konzani zolakwika, ndipo mfundo yokhudza thanzi kapena ndalama muibwereze musanafunse funso lodalira mfundoyo.